Kukonza Timagetsi Tokongoletsera Tikakolana Kapena Tikathima, ndi Kudziwa Nthawi Yotitaya

Nyengo ya Khirisimasi ikayandikira, kapena kukakhala ukwati kapena chinkhoswe, anthu ambiri amatsitsa katoni yomwe yakhala pamwamba pa kabati chaka chathunthu n'kupezamo timagetsi tokongoletsera titalukanalukana ngati chisa cha mbalame. Ambiri amathamangira kutilumikiza ku soketi kuti aone ngati tikuyaka, koma ntchito yabwino siyambira pamenepo. Chimene ndaphunzira pokonza timagetsi totere n'chakuti vuto la kababu, la fyuzi kapena la pulagi limakonzeka ndi ndalama zochepa, pomwe vuto la khungu la waya, pa nthambo yolandira magetsi a kukhoma mwachindunji, silikonzeka ayi. Malangizo onse otsatirawa cholinga chake n'kukuthandizani kusiyanitsa mavuto awiriwa musanagwidwe ndi nyesi kapena kuyatsa moto m'nyumba.

Choyamba, dziwani mtundu wa nthambo yanu

Musanamasule mfundo ngakhale imodzi, werengani kapepala komata pafupi ndi pulagi. Magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi ndi a mavoluti 230, choncho nthambo yoyenera soketi zathu imalembedwa 220-240V. Mukaona polembedwa 120V, dziwani kuti nthamboyo inapangidwira ku America, ndipo zotere zimatifika kudzera mwa abale okhala kunja kapena pakati pa katundu wa kaunjika. Mukailumikiza kukhoma, timababu timawala kwambiri kwa kamphindi kenako n'kupsa, chifukwa talandira mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri imene tinapangidwira. Kusintha pulagi yokha sikuthetsa vutoli.

Kenako onani chimene chili pakati pa khoma ndi kababu koyamba. Nthambo zina zili ndi adapita yolemererapo, yofanana ndi tchaja ya foni, imene imatsitsa mphamvu kufika pa mavoluti ochepa monga 24 kapena 31, ndipo chiwerengerocho chimalembedwa pa adapita pomwepo pafupi ndi mawu akuti OUTPUT. Zina zimayendera mabatire kapena kasola kakang'ono. Zonsezi waya wake alibe mphamvu yopha munthu. Koma nthambo zimene zili ndi pulagi yokha, kapena pulagi ndi kabokosi kopepuka kokhala ndi batani losinthira kaphethiridwe, nthawi zambiri zimanyamula mphamvu ya kukhoma mpaka kukababu komaliza. Kabokosi ka batani kaja ambiri amakayesa adapita, koma m'nthambo zotchipa sikatsitsa magetsi kufika poti munthu angakhudze waya popanda ngozi. Ngati mukukayika, ioneni nthamboyo ngati ya magetsi a kukhoma.

Chachiwiri, masulani ndi zala, osakoka

Yalani mphasa kapena nsalu pansi pamalo owala bwino, nthambo isanalumikizidwe kulikonse. Musaigwedeze m'mwamba poganiza kuti idzimasula yokha, chifukwa kugwedeza kumamenyanitsa timababu ndi kudula kaulusi kopyapyala ka m'kati mwake, ndipo kukoka kumamangitsa mfundo n'kuzula waya m'timakapu momwe mumakhala timababu. Ikani mulu wonse pansi, mulowetsemo zala za manja onse awiri n'kumaufutukula pang'onopang'ono mbali zonse, mpaka utatakasuka ndipo mipata yayamba kuoneka.

Mukatero funani pulagi, pakuti ndiyo mapeto osavuta kuwapeza. Itsatireni chobwerera m'mbuyo, ndipo paliponse pamene waya wadutsa m'kati mwa khwekhwe lina, kulitsani khwekhwelo n'kudutsitsamo pulagiyo. Chimene chimagwira kwambiri si mfundo zenizeni koma timababu tomwe takodwa pakati pa mawaya opotana a chigawo china, ndiye kababu kotere kagwireni pa kapu yake n'kukatulutsa cha kumene kanalowera. Gawo lomwe lamasuka muzilikulunga nthawi yomweyo pa chidutswa cha katoni, chachikulu ngati kope la kusukulu, chifukwa mukalisiya pansi libwereranso mu mulu. Ngati m'katoni munali nthambo ziwiri kapena zitatu zosakanikirana, mangani kachingwe kapena tepi yamtundu wosiyana kumapeto a iliyonse, ndipo malizani imodzi musanayambe inzake.

Ntchito imeneyi imatha kudya theka la ola, koma musaione ngati kutaya nthawi, chifukwa ndi pomwe mumayendera nthambo yonse. Waya aliyense adutse pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Zala zimamva zimene maso amaphonya: pamene khoswe analuma, pamene chitseko kapena zenera linapana waya n'kumuphwatalala, pamene panalowa msomali kapena pini pomukhomera kukhoma. Apa ndi apo pindani wayayo pang'ono n'kuyang'anitsitsa. Khungu labwino limapindika mofewa n'kubwerera, pomwe lomwe lapsa ndi dzuwa kapena lakalamba limalimba, limayera popindapo, n'kuonetsa timing'alu. Mukapeza zotere pa nthambo ya magetsi a kukhoma, lekerani pomwepo, ndipo muwerenge gawo la zotaya.

Chachitatu, yambani ndi soketi, pulagi ndi fyuzi

Nthambo ikaoneka yabwino kuyambira kumutu mpaka kumchira, ilumikizeni itayalidwa pansi pouma, manja anunso ali ouma. Ikapanda kuyaka konse, yesani kaye soketiyo ndi chinthu china chimene mukudziwa kuti chikugwira ntchito, monga tchaja ya foni. Ndaonapo anthu akuzula timababu makumi angapo pomwe vuto linali ekisitenshoni yakufa.

Soketi ikakhala yabwino, zulani pulagi n'kuitsegula. Mapulagi athu a mano atatu amakona amakhala ndi fyuzi m'kati, ndipo kwa timagetsi tokongoletsera fyuzi yoyenera ndi yolembedwa 3A. Ambiri amaikamo ya 13A chifukwa ndiyo imapezeka msanga, koma waya wa timagetsi ndi wopyapyala kwambiri, moti akhoza kutentha n'kusungunuka fyuzi yaikulu chotero isanaduke. Choipa koposa ndi kukulunga fyuzi yakupsa ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya kapena kuikapo kawaya, popeza mukatero mwachotsa chitetezo chokha chimene nthamboyo inali nacho. Onaninso ngati timasikuluu togwira mawaya tamangika, ndiponso ngati palibe timaulusi ta mkuwa tomwe tatuluka n'kukhudza dzino lina. Ngati nthambo inabwera ndi pulagi ya mano awiri ozungulira, musamatsegule soketi ndi kamtengo kuti muikankhiremo. Ikani pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya 3A. Fyuzi yatsopano ikangopsanso nthawi yomweyo, musaikenso yachitatu, chifukwa penapake mawaya akugundana.

Chachinayi, funani kababu kamene kathimitsa tinzake

Apa ndi pamene pamafunika kumvetsa mmene nthambo za timababu ta galasi tokhala ndi kaulusi zimagwirira ntchito. Timababu timeneti timalumikizidwa mondondozana, ngati anthu ogwirana manja pamzere, ndipo magetsi amadutsa m'kalikonse asanafike kotsatira. Mphamvu ya kukhoma imagawidwa pakati pa tonse, n'chifukwa chake nthambo ya timababu 20 imafuna ta mavoluti 12, ya 40 imafuna ta mavoluti 6, ndipo ya 100 imafuna ta mavoluti pafupifupi 2.5. Kamodzi kakangoduka njira, mzere wonse umathima. Nthambo zazitali zimakhala ndi mizere iwiri kapena kuposerapo, ndiye mukaona theka likuyaka theka lina lili zii, vuto lili mu mzere wothimawo ndipo theka loyakalo musalikhudze.

Opanga anaikamo kanzeru kena. M'munsi mwa kababu kambiri muli kawaya kokulungidwa pa timiyendo tiwiri togwira kaulusi, ndipo kawayako kali ndi khungu lopyapyala loletsa magetsi. Kaulusi kakapsa, mphamvu yonse ya mzere imagwera pakawayako, khungu lija limabowoka, magetsi n'kupeza podutsa, motero kababu kamodziko kamathima pomwe tinzake tikuyakabe. Mzere wonse umathima kawayako kakakanika kugwira, kapena kababu kakakhwepa m'kapu yake, kapena timiyendo take takunja tikathyoka kapena kuchita dzimbiri.

Yambani ndi maso, nthambo itazulidwa kukhoma. Yang'anani kapu yopanda kababu, kababu kosweka, kapena kamene galasi lake lada m'kati ngati mwaye. Kenako dinikizani kababu kalikonse m'kapu yake, chifukwa kukhwepa ndiko kumachuluka pa nthambo imene yangomasulidwa kumene. Nthambo zina zili ndi kababu kamodzi ka nsonga yoyera kamene kamagwira ntchito ya fyuzi, ndipo kameneka kakapsa kamafuna kanzake ka nsonga yoyera komweko. Kena ka nsonga yofiira ndi kophethiritsa, kamene kamayatsa ndi kuthimitsa mzere wonse kakatentha, choncho nthambo ikayamba kuphethira musanafune, kafuneni kameneko.

Maso akalephera, tengani mita yoyezera magetsi, imene amisiri a mawailesi ndi mafoni amakhala nayo, ndipo mugwiritse njira yogawa pakati. Ndifotokoza ndi nthambo imene ndinakonza ya mlamu wanga, ya timababu 100 pa mzere umodzi, yopanda kabokosi ka batani, yomwe inathima yonse ngakhale fyuzi inali yabwino. Ndinaika mita poyezera kukana kwa magetsi, pa chizindikiro cha Ω, pa 2k. Pano pali kamsampha: ambiri amaika mita pamalo polira, koma timababu 50 tondondozana timakana magetsi mokwanira kuti mita isalire ngakhale tonse tili tabwino, ndiye munthu amaganiza kuti mbali zonse n'zakufa. Muziwerenga nambala. Njira ikakhala yathunthu mita imaonetsa chiwerengero, ndipo ikakhala yoduka imaonetsa OL kapena 1 yekha kumanzere.

Pulagi ili m'manja mwanga, kutali ndi soketi, ndinazula kababu ka nambala 50. M'kapu yopanda kanthu muja mumaoneka tizitsulo tiwiri, kena kolumikizana ndi timababu ta kumbali ya pulagi, kena ndi ta kumchira mpaka kubwerera ku dzino lina la pulagi. Ndinagunditsa singano imodzi ya mita pa kachitsulo koyamba, inzake pa mano awiri a m'munsi a pulagi mosinthana, ndipo dzino limodzi linapereka chiwerengero. Kachitsulo kachiwiri sikanapereke kanthu pa dzino lililonse. Zimenezi zinandiuza kuti timababu 49 toyamba n'tabwino, ndipo kuduka kuli pakati pa 51 ndi 100. Ndinabwezera ka 50, n'kumata katepi pa waya posonyeza malire, kenako ndinazula ka 75. Ulendo uno kachitsulo koyang'ana kumchira ndi kamene kanapereka chiwerengero, kutanthauza kuti vuto lili pakati pa 51 ndi 74. Ndinapitiriza motero pa 62, pa 68 ndi pa 65, mpata ukucheperachepera, mpaka panatsala 66 ndi 67. Ka 67 kanali kooneka bwinobwino, koma nditakazula ndinapeza kuti kamwendo kake kamodzi kanathyokera m'kapu. M'malo moyesa timababu 100, ndinayeza malo asanu basi. Pakakhala malo awiri oduka, mudzaona tizitsulo tonse tiwiri tili chete, ndipo pamenepo muzisaka mbali imodzi kaye mpaka mutaithetsa.

Posintha, gwirani kathako ka pulasitiki n'kukoka molunjika, osapotoza galasi. Ngati kathako ka kababu katsopano sikakulowa m'kapu, wongolani timiyendo tiwiri ta kababu kakufa, solani galasi lake, lowetsani galasi latsopano m'kathako kakale kudzera m'timabowo tiwiri tomweto, n'kupindira timiyendo m'mbali monga zinalili. Kababu katsopano kakhale ka mavoluti ndi mphamvu zofanana ndi takale. Ka nthambo ina yosadziwika kakhoza kuwala mopitirira kapena kuzirala.

Chinthu chimodzi ndikufuna kuchitsindika. Kababu kakufa m'nthambo yomwe ikuyakabe musakasiye poti tinzake tikuwala. Timababu 100 tikamagawana mavoluti 230, kalikonse kamalandira 2.3, koma 20 tikafa, 80 totsalato timalandira pafupifupi 2.9 kalikonse. Timatentha kwambiri, timafa msanga, ndipo kalikonse kakafa katundu amakulira otsala, mpaka tsiku lina tonse timapsa motsatizana n'kuda magalasi. Musayesenso kuchotsa kapu ya kababu kakufa n'kulumikiza mawaya, kapena kuikamo kapepala konyezimira, chifukwa zotsatira zake n'zomwezo, kuphatikizapo chitsulo chamagetsi chili pamtunda.

Za nthambo za LED

Zambiri zogulitsidwa masiku ano ndi za LED, zomwe sizitentha kwambiri ndipo zilibe kaulusi. Kababu ka LED kamalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, choncho ngati ndi kozuka ndipo katsopano sikakuyaka, katembenuzeni timiyendo. Mutha kukayesa pakokha popana kabatire kathyathyathya ka mavoluti 3, kolembedwa CR2032, pakati pa timiyendo take kwa kamphindi. Sinthani ndi ka mtundu womwewo, popeza tofiira timafuna mavoluti pafupifupi 2 pomwe toyera ndi tabuluu timafuna pafupifupi 3. Mdani wamkulu wa nthambozi ndi dzimbiri pa timiyendo, makamaka poti Khirisimasi yathu imagwa m'dzinja, mvula ili pachimake.

Zambiri za LED n'zomatiratu, kababu sikazuka. Ngati nthambo yotere ndi ya adapita ndipo yathima yonse, kayikirani adapitayo ndi polumikizira pake poyamba, ndipo yatsopano ikhale ya mavoluti omwewo ndi mphamvu yosachepera yolembedwa pa yakale. Adapita yakufa musaitsegule. Waya akaduka kumbali ya mavoluti ochepa, kapena pa nthambo ya mabatire ndi ya sola, mutha kumulumikiza: sendani nsonga zonse ziwiri pang'ono, lowetsani kaye kachubu kofota kakatenthedwa, wotchererani, ndipo kokerani kachubuko pamfundo n'kukatenthetsa. Waya aliyense abwerere kwa mnzake woyenera, apo ayi gawo lakutsogolo siliyaka. Za mabatire nthawi zambiri zimangofuna kupala dzimbiri loyera pa tizitsulo ta m'bokosi, lomwe limadza mabatire akasiyidwamo chaka chonse.

Nthawi yotaya

Pa nthambo ya magetsi a kukhoma, mkuwa ukaoneka pamalo ngakhale amodzi, ine ndimataya. Ndikudziwa kuti ambiri amakulungapo tepi yakuda, ndipo nthamboyo imayakadi, koma tepi imamatuka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo waya ameneyu amakhala pa makatani, pa nthambi zouma za mtengo, pa mabagala a zenera ndiponso pamene ana amafikira. Mfundo yopotedwa ndi manja imakhwepa n'kumatentha m'kati mwa tepi momwe simungaone. Chokhacho chimene ndimalola ndi waya akawonongeka pafupi penipeni ndi pulagi, chifukwa pamenepo mutha kudula chidutswa choipacho n'kumanganso pulagi pa waya wabwino, popanda mfundo iliyonse.

Khungu louma ndi long'aluka ndi chizindikiro chakuti nthambo yonse yakalamba, ngakhale mng'alu mwauona pamalo amodzi. Kapu yosungunuka, yopindika kapena yabulauni imasonyeza kuti pamenepo panatentha kwambiri, ndipo kapu yosweka kapena yomwe waya wake wazuka imasiya chitsulo poyera. Kabokosi ka batani kakasweka, kakalowa madzi, kapena mawaya akamagwedera polowera, nthamboyo yatha, pakuti m'kati mwake muli mphamvu yonse ya kukhoma. Mutayenso nthambo imene timababu take tambiri tada magalasi, chifukwa totsalato talema kale ndipo mtengo wosinthira tonse uposa wa nthambo yatsopano. Chimodzimodzi nthambo ya m'nyumba yomwe inanyowa panja mpaka tizitsulo ta m'makapu tabiriwira kapena tachita dzimbiri. Yoyenera khonde kapena pabwalo imalembedwa kuti ndi yapanja, kawirikawiri ndi chizindikiro monga IP44.

Zizindikiro zina zimaoneka pokhapokha nthambo ikayaka, ndiye mukamaliza kukonza, iyatseni itayalidwa pa simenti kwa mphindi 15 kapena 20 inu muli pomwepo. Nunkhizani ngati pali fungo la pulasitiki yopsa, mverani ngati pali kuthetheka, ndipo mukaizula kukhoma khudzani pulagi ndi waya nthawi yomweyo. Timababu ta galasi timafunda mwachibadwa, koma pulagi ndi waya siziyenera kutentha. Ngati magetsi akuthima ndi kuyaka pamene nthambo yasuntha, ndipo mwatsimikiza kuti timababu tonse takhala bwino m'makapu, waya waduka m'kati mwa khungu, ndipo malo oterowo amathetheka. Munthu akangomva kunyerenyetsa pokhudza nthambo, ngakhale pang'ono, palibenso chokambirana.

Potaya, zulani kaye timababu tabwino n'kutisunga m'kabotolo kolembedwa mavoluti ake, chifukwa ndito tidzakonzere nthambo ina ya mtundu womwewo. Masulani pulagi ngati ndi ya masikuluu. Ngati ndi yomatiratu, chotsani fyuzi n'kupinda kapena kuthyola mano ake, pakuti pulagi yodulidwa yokhala ndi kawaya kolendewera mwana akhoza kuitola n'kuilowetsa m'soketi. Dulani nthamboyo m'zidutswa zingapo kuti wina asaitole kudzala n'kukaikoleka kwawo. Musaitenthe pofuna mkuwa, chifukwa utsi wa khungu lake ndi woipa m'chifuwa, ndipo ogula zitsulo zakale ena amalandira mawaya ali ndi khungu lomwe.

Nthambo zomwe zapulumuka zikulungeni iliyonse pa katoni yakeyake, mutacheka kampata kumbali kogwira mapeto, kuyambira kumchira kuti pulagi ithere pamwamba. Chotsani mabatire, dikirani kuti za panja ziume kaye, ndipo muziike m'chidebe cha pulasitiki chotsekeka bwino, kumene makoswe ndi chinyezi sizingafike, osati m'denga pansi pa malata pomwe kutentha kwa mu Okutobala kumaumitsa khungu la waya.